Kalata kwa mkulu wa bungwe loona za mankhwala: za botolo lolembedwa m'Chipwitikizi pa Kachulu

Kwa Mkulu wa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority,
Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndikulemba kuchokera ku Kachulu, kugombe lakumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Choko ndidasiya, koma kumudzi kuno munthu amene adaimapo patsogolo pa bolodi sapuma kwenikweni. Amandibweretsera makalata a kubwalo, mapepala a ngongole, ndiponso, kuposa zonsezi, timabokosi ndi mabotolo a mankhwala. Mawu ake ndi amodzimodzi: "Aphunzitsi, tatiwerengereni apa." Ndakhala ndikuwerenga zaka zambiri, ndipo ndinkadziyesa wothandiza, mpaka tsiku lomwe kuwerenga kwanga kudatsala pang'ono kuwononga chiwindi cha mwana wa mnansi wanga. N'chifukwa chake ndasankha kulembera inu, popeza lamulo la 2019 lidapatsa bungwe lanu udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno, kulowa m'malo mwa bodi yakale ya 1988, ndipo zolembedwa pabokosi ndi mbali ya mankhwalawo.

Mudziwe kaye momwe mankhwala amafikira kuno. Ena amachokera kuchipatala, m'timajumbo tapulasitiki tolembedwa ndi cholembera. Ena amagulidwa m'maokala ndi pamsika. Koma alipo enanso amene amabwera ndi boti. Tsidya la nyanjayi ndi kufupi ndi Mozambique, boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa, ndipo asodzi ndi ogula matemba ndi milamba amawoloka ngati akupita kudimba. Munthu akadwala ali uko, kapena akakumbukira mwana amene adamusiya akutentha thupi kunyumba, amagula mankhwala komweko. Motero pa Kachulu timakumana ndi zilankhulo ziwiri zachilendo pabokosi: Chingerezi, chomwe ena timachidziwa, ndi Chipwitikizi, chomwe ambiri timangochiganizira. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 a zaka zisanu kapena kuposera, pafupifupi 69 ndiwo amatha kuwerenga ndi kulemba. Koma kutha kuwerenga kalata ya m'Chichewa yochokera kwa malume ndi kwina, kuwerenga kapepala ka zilembo zonga nyerere ka m'bokosi la mankhwala ndi kwinanso.

Amene satha kuwerenga sindimuopera kwambiri, chifukwa amafunsa. Amene ndimamuopa ndi munthu ngati ine, wodziwa theka, amene anthu amamukhulupirira kwathunthu.

Linali dzinja, madzi atadzaza m'madambo. Chakumadzulo kudafika mayi wina wapafupi, mwana wazaka ziwiri ali kumbuyo, thupi lili ngati mbaula. M'manja adali ndi botolo la parasetamo wamadzi, yemwe tonse timangomutcha panado, lomwe bambo a mwanayo adabwera nalo kuchokera kutsidya. Kapepala kam'kati kadanyowa m'boti n'kutayidwa, kachoyezera kake nakonso kunalibe. Mayiyo adati, "Aphunzitsi, ulendo watha kuchipatala adandipatsa wina, ankati kasupuni kamodzi ndi theka. Nanga uyu ndi chimodzimodzi?" Botolo lakalelo adalisunga, lopanda kanthu, ndipo adabwera nalo. Ndidaika mabotolo awiriwo pampando. Lakale lidalembedwa 120 mg/5 ml. Latsopano lidalembedwa 40 mg/ml.

Maso anga adagwa pa 120 ndi 40. Masamu ndidaphunzitsa zaka zambiri, choncho yankho lidabwera lokha: 40 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a 120, ndiye kuti watsidyayu ndi wosukuluka. Ndidaopa kunena kuti achulukitse katatu, ndiye ndidati, "Mayi, uyu ndi wofooka. Mpatseni masupuni awiri." Ndidalankhula ndi mawu a m'kalasi, opanda chikayiko. Adathokoza, n'kupita.

Chimene sindidaone ndi chimene chili kuseri kwa kamzere kopendekeka. Botolo loyamba limanena kuti muli mamiligalamu 120 m'mamililita asanu. Lachiwiri limanena kuti muli mamiligalamu 40 m'mililita imodzi yokha. Kuti muwayerekeze bwino muyenera kuwaika pa muyeso umodzi: 40 kuchulukitsa ndi 5 ndi 200. Botolo lomwe ndidalitcha lofooka linali ndi mamiligalamu 200 pomwe linzake linali ndi 120. Nambala yaing'ono inali pa mankhwala aukali. Palibe liwu la Chipwitikizi lomwe lidandisokoneza pamenepo. Chidandisokoneza ndi chizolowezi cha kalembedwe: maso anga adazolowera kuona mphamvu ya mankhwala amadzi ikutchulidwa pa mamililita asanu, ndipo sadayembekeze kuti opanga ena amaitchula pa mililita imodzi.

Mundilole ndiwerengetse bwinobwino, monga adandiwerengetsera mlangizi wa zaumoyo m'mawa mwake. Mlingo wa parasetamo kwa mwana umatsata kulemera kwake, osati zaka kapena msinkhu. Ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, pakamwedwe kamodzi, ndipo asapitirire kanayi pa usana ndi usiku. Buku lakusikelo la mwanayo lidaonetsa makilogalamu 12. Choncho pakamwedwe kamodzi adayenera kulandira mamiligalamu 180, ndipo pa maola 24 asadutse 720. Pa botolo lakuchipatala lija, mamiligalamu 180 ndi mamililita 7.5, n'chifukwa chake adamuuza kasupuni kamodzi ndi theka. Pa botolo latsidya, mamiligalamu 180 omwewo ndi mamililita 4.5 basi, osadzaza n'komwe kasupuni kamodzi koyezera.

Ine ndidati masupuni awiri. Ndipo apa mpomwe cholakwa chachiwiri chidakwera pamsana pa choyamba. Liwu loti supuni kwa wopanga mankhwala limatanthauza mamililita asanu ndendende. M'nyumba za kuno limatanthauza supuni yomwe ilipo. Ya mayiyo inali yomwetsera phala, ndipo titaiyeza ndi sirinji idatenga mamililita asanu ndi atatu. Masupuni awiri adakhala mamililita 16, omwe ndi mamiligalamu 640. Mwanayo adamwa madzulo omwewo, adamwanso pakati pa usiku thupi litatenthanso. Pamodzi adalandira mamiligalamu 1,280 m'maola osakwana khumi, pomwe malire a tsiku lonse anali 720.

Mwayi wake unali wakuti m'mawa mlangizi wa zaumoyo ankadutsa pa njinga, ndipo mayiyo adamuimitsa chifukwa thupi silimatsika. Mnyamatayo, yemwe ndidamuphunzitsa ine ndemwe mu Sitandade 6, adatenga botolo, n'kulitembenuza, n'kubwera kwathu. Sadakweze mawu. Adati, "Aphunzitsi, pepani, taonaninso apa." Adaika chala pa ml yopanda 5. Ndidamva mutu kuzizira. Mwanayo adamutengera kuchipatala pa kabaza, adamupeza ndi malungo, adamuyang'anira, ndipo adachira. Lero akuthamanga pagombe kuthamangitsa akakowa.

Chondiopsa kwambiri ndidachimva pambuyo pake. Parasetamo akapyola muyeso sachita phokoso tsiku loyamba. Mwana atha kungochita nseru, kusanza pang'ono, kukana kudya, zinthu zomwe mayi aliyense angaziike pa malungo omwewo. Chiwindi chimawonongeka mwakachetechete, ndipo zizindikiro zake, kupweteka kumanja pansi pa nthiti, maso achikasu, kufooka ndi kusokonezeka, zimadza patapita masiku awiri kapena atatu. Mankhwala oletsa poizoniyo alipo, koma amagwira bwino kwambiri akaperekedwa m'maola asanu ndi atatu oyambirira. Kuchokera pa Kachulu kukafika kuchipatala chachikulu cha Zomba ndi makilomita pafupifupi 30 a msewu womwe m'dzinja umasanduka phala. Mlangizi uja akadapanda kudutsa, mayiyo akadapitiriza masupuni awiri kwa masiku atatu, chifukwa aphunzitsi adanena. Ndipo mwanayo akadachita chikasu, mudzi wonse ukadati ndi malungo aakulu. Palibe akadaloza botolo, ngakhale ine.

Chichitikireni izi ndakhala ndikusonkhanitsa mabokosi otayidwa pagombe, ndipo ndi thandizo la mkulu wina amene adakulira kutsidya ndaphunzira mawu owerengeka a Chipwitikizi cha pamankhwala. Misampha yake si ya mawu ovuta. Ili m'mawu ooneka ngati osavuta. Tengani kalembedwe ka nambala. Pomwe ife timaika kadontho, Apwitikizi amaika mpatuliro, kotero 4.5 yathu ija iwo amalemba 4,5. Pabokosi lomwe lakhala m'thumba la msodzi sabata yathunthu, kampatuliro kameneko kamafufutika kapena kamaoneka ngati kachitsotso, n'kutsala 45. Tengani mawu oti de 8 em 8 horas. Munthu wodziwa theka amaona ma 8 awiri ndi liwu lofanana ndi maola, n'kumasulira molimba mtima kuti 8 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku. Ndidamvapo ndi makutu anga wina akuuzidwa choncho pa makapisozi a amokisilini. Tanthauzo lake lenileni ndi pakapita maola asanu ndi atatu aliwonse, ndiko kuti katatu pa usana ndi usiku. Wodwala uja ankamwa kawiri, kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala ake tsiku lililonse. Ndiye pali colher de chá ndi colher de sopa, supuni ya tiyi ndi supuni ya msuzi. Yoyamba ndi mamililita asanu, yachiwiri ndi 15. Womasulira akangogwira liwu loyambalo n'kunena kuti supuni, wasiya m'mbuyo kusiyana kwa katatu.

Koma musaganize kuti vuto likutha bokosi likakhala la Chingerezi, kapena mawu akatembenuzidwa molondola. Apa mpamene ndikufuna mukhale nane pang'ono, Bwana, chifukwa ndapeza kuti kumasulira kolondola m'mawu kutha kusocheretsabe wodwala.

Tonse timati katatu pa tsiku. Ndi Chichewa chabwino. Koma tsiku kwa munthu wa kuno limayamba tambala akalira, n'kutha dzuwa likalowa. Mukamuuza kuti m'mawa, masana ndi madzulo, amamwa cha m'ma 6, cha m'ma 12, ndi cha m'ma 6 madzulo. Mipata iwiri ya maola asanu ndi limodzi, kenaka chigwa cha maola 12 usiku chomwe mankhwala amatha m'magazi tizilombo n'kupezanso mpweya. Chomwe wopanga adafuna ndi 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. Ine tsopano ndimati podzuka, dzuwa likapendeka, ndi pogona penipeni. Nanga msodzi wa m'zimbowera, timisasa toyandama tija ta pakati pa njedza, amene amagwira ntchito usiku n'kugona dzuwa litakwera, m'mawa wake ndi uti? Kwa iyeyu ndimatchula maola enieni, chifukwa foni yaing'ono ali nayo ndipo nthawi amaiona. Pa timajumbo takuchipatala pamalembedwa 2x3 kapena 1x3. Ogwira ntchito amadziwa kuti nambala yoyamba ndi mapiritsi, yachiwiri ndi maulendo. Koma m'kalasi tidaphunzitsa ana kuti 1x3 ndi 3x1 n'chimodzimodzi, ndipo ena adatimvera bwino: amameza atatu nthawi imodzi n'kupita kunyanja.

Nkhani ya LA ndiyo imandidetsa nkhawa koposa, chifukwa kuno malungo ndi mlendo wa nyumba iliyonse. Chiyambire 2007, pomwe LA adalowa m'malo mwa fansida, anthu adaloweza kamwedwe kake ngati nyimbo. Wamkulu, wolemera makilogalamu 35 kapena kuposera, amamwa mapiritsi anayi, kasanu ndi kamodzi, pa masiku atatu, onse pamodzi 24. Piritsi lililonse la mtundu umenewu limalembedwa 20/120. Koma pamsika wa mankhwala palinso LA wolembedwa 80/480. Piritsi limodzi la ameneyu ndi lofanana ndi anayi aja, ndipo m'bokosi mumakhala asanu ndi limodzi okha. Ganizani za msodzi amene wagula bokosi lotere, lolembedwa m'chilankhulo chomwe sachimva. Dzina la mankhwala walizindikira, nyimbo ya anayi-anayi akuidziwa. Amameza anayi, madzulo amameza awiri otsalawo, n'kumadandaula kuti wogulitsa wamubera. Wamwa mlingo wa maulendo anayi pakamodzi, ndipo pofika mawa lake alibe kanthu.

Chifukwa chomwe masiku atatu sangapanikizidwe kukhala tsiku limodzi chili m'kagwiridwe ka mankhwala awiri omwe ali m'piritsilo. Woyamba, atemeta, amapha tizilombo mwachangu koma amachoka m'thupi m'maola ochepa, pomwe tizilombo ta malungo timatenga pafupifupi maola 48 kuti timalize ulendo umodzi woswana m'magazi. Ayenera kubwerezedwa kuti akumane ndi mibadwo yotsatira. Wachiwiri, lumefantirini, amakhalitsa ndipo ndiye amasesa zotsala, koma matumbo samulandira wambiri nthawi imodzi, ndiponso samulandira bwino popanda mafuta. Apa palinso msampha wa kumasulira. Timakonda kunena kuti imwani mutadya. Munthu amamwa tiyi wopanda mkaka ndi chinangwa chophika, n'kuti wadya. Chomwe chikufunika ndi chakudya chokhala ndi mafuta: mkaka, phala lothira nsinjiro, mtedza, ndiwo zokazingira, kapena bere kwa mwana woyamwa. Wodwala woteroyo amapeza bwino masiku owerengeka, malungo n'kubwerera pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo pagombe pamamveka kuti LA wa masiku ano sagwira.

Ngakhale mawu oti kawiri pa tsiku sakwanira pa LA, chifukwa tsiku loyamba ndi losiyana. Kamwedwe kachiwiri kamadza patapita maola asanu ndi atatu kuchokera pa koyamba. Amene wayamba 10 koloko m'mawa amwenso 6 koloko madzulo. Amene wayamba 4 koloko madzulo adzuke pakati pa usiku. Masiku awiri otsatirawo mpomwe pali m'mawa ndi madzulo.

Za machenjezo ndinenapo chimodzi chokha, chomwe ndachiona kangapo pakati pa amuna a pagombe. Pa fulajilo pamalembedwa kuti munthu asamwe mowa. Timamasulira kuti mankhwalawa sagwirizana ndi mowa, ndipo ndi zoona. Koma chiganizo chimenecho chili ndi makomo awiri. Mwamuna wagulitsa nsomba, ndalama ili m'thumba, anzake ali pa kachasu. Wamva kuti ziwirizi sizigwirizana, ndiye lero asiya mankhwala kuti amwe mowa bwinobwino, mawa ayambiranso. M'maganizo mwake wamvera chenjezo. Kumasulira kosasocheretsa kuyenera kutseka khomo limenelo, kunena chomwe chisiyidwe, mpaka liti, ndi chomwe chidzachitike: siyani mowa, osati mankhwala, kuyambira lero mpaka patadutsa masiku awiri mutamaliza, apo ayi mutha kusanza kwambiri, nkhope kutentha, mtima kugunda ngati ng'oma. Chiganizo chatalika, inde. Koma mwamuna uja akachimva sangachipinde.

Palinso kusiyana komwe omasulira a kumudzi timakusalaza posafuna kuoneka osadziwa. Bokosi lina limaletseratu, lina limangoti funsani kaye. Tikawerengera mayi woyembekezera timasandutsa zonse kukhala musamwe, poganiza kuti kuletsa n'kotetezeka. Mayiyo amabisa mankhwala omwe adapatsidwa dala kusikelo, malungo n'kumudya ali ndi pakati. Kuwonjezera mantha omwe sali pabokosi n'kusocheretsanso, mofanana ndi kuchotsa omwe alipo.

Ine ndadziikira malamulo anga, ndipo ndimawauza anzanga ena owerengera anthu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, ndi ana a sekondale. Sindinenanso mlingo kuchokera pa dzina la mankhwala lokha. Ndimayang'ana nambala zonse ziwiri, ya kutsogolo ndi ya kuseri kwa kamzere. Ngati ndi mwana, ndimafunsa buku lakusikelo, ndipo popanda kulemera kwake sinditchula kanthu. Liwu loti supuni ndidalichotsa m'kamwa mwanga. Ndimasunga masirinji opanda singano, n'kuika chizindikiro pamzere woyenera. Ndikamaliza ndimapempha munthuyo andibwerezere, osati pofunsa kuti mwamva, chifukwa mwa ulemu aliyense amati eya, koma kuti tandionetsani mukachita bwanji. Ndipo bokosi likakhala ndi liwu limodzi lomwe sindikulimva pa mzere wa kamwedwe, ndimati sindikudziwa, pitani kwa azaumoyo. Mawu amenewa ndi owawa kwa mphunzitsi, koma safunsa adadya phula, ndipo phula lomwe ndidadya ine lidatsala pang'ono kumata mwana wa eni.

Ndikudziwanso malire a ntchito yanga. Ndingawerenge zolembedwa, koma sindingadziwe ngati zolembedwazo zikunena zoona. Mu 2022 ana pafupifupi 70 adamwalira ku Gambia atamwa mankhwala amadzi a chifuwa okhala ndi poizoni wowononga impso, ndipo womasulira waluso chotani sakadapeza poizoniyo pabokosi. Gawo limenelo ndi lanu ndi oyeza anu. Mwina mudzandiyankha kuti mankhwala owoloka pa boti sadadutse m'kaundula wanu, ndipo sayenera kupezeka m'manja mwa munthu. N'zoona, ndipo ndingakondwe mutawatsekera njira. Koma nyanjayi ilibe chipata. Ikaphwa, monga idachitira mu 1995 ndi mu 2018, anthu amawoloka ndi njinga. Pomwe mukukonza zotseka, botolo lili kale m'manja mwa mayi, usiku, mwana akutentha.

Pempho langa lalikulu ndi ili. Ziganizo za kamwedwe ndi machenjezo zomwe zimabwerezedwa pa mankhwala ofala si zambiri. Bungwe lanu, pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo ndi akatswiri a zilankhulo a ku yunivesite ya Malawi, omwe ali pa Zomba pomwepa, likhazikitse kamasuliridwe kamodzi kovomerezeka ka ziganizo zimenezi m'Chichewa, ndipo kuno kuwonjezerepo Chiyao. Koma zisalembedwere muofesi n'kuthera pomwepo. Bwerani nazo pa Kachulu, muwerengere amayi khumi ndi asodzi khumi, muwapatse botolo la madzi ndi nyemba m'malo mwa mapiritsi, muone zomwe manja awo achite. Chiganizo chomwe atatu achimva mokhota chibwerere kukasulidwa, ngakhale galamala yake ikhale yoyera chotani. Zikakhwima, zisindikizidwe pa timapepala tomata, tomwe wopereka mankhwala angamate pa kajumbo kapena pa botolo, ndi mpata wolembapo maola enieni. Pa mankhwala amadzi a ana, ogulitsa akakamizidwe kupereka choyezera, ndipo mlingo ulembedwe m'mamililita. Pa LA wa 80/480 pakhale mawu akuluakulu a Chichewa oti piritsi limodzi lokha pakamwedwe.

Kwa alangizi a zaumoyo a m'mbali mwa malire, kuno, ku Phalombe ndi ku Machinga, ndikupempha tsamba limodzi lolimba, losaopa madzi, lokhala ndi mawu a Chipwitikizi a pamankhwala ndi tanthauzo lake, kuphatikizapo chenjezo la mpatuliro uja ndi la mililita imodzi. Tsamba lomwelo lifikenso kwa amene amayankha mafoni a Chipatala Cha Pa Foni, kuti munthu ali m'zimbowera athe kutchula zilembo za pabokosi n'kuuzidwa chochita kapena chosiya.

Ena adzati anthu a kunyanja sangatsate malangizo olembedwa kapena onenedwa, kuti n'kutaya mapepala. Ndikukana, ndipo umboni uli panyanja pomwepa. Mu 2016, kolera itavuta pa Chilwa, padaperekedwa katemera wakumwa wofunika kawiri, motalikirana sabata ziwiri. Asodzi a m'zimbowera sakadapezekanso pamalo amodzi, choncho adapatsidwa kabotolo kachiwiri kuti akamwe okha tsiku lake likakwana. Adawafotokozera m'chilankhulo chawo, chinthu chimodzi, momveka, ndipo ambiri adamwa. Anthu omwewo ndi amene amawerengetsa mitengo ya matemba m'makwacha ndi m'ndalama za kutsidya popanda pepala. Chomwe chimawasowa si nzeru.

Mabokosi omwe ndatola akwana thumba la shuga lodzaza, ndipo pa lililonse ndalemba ndi pensulo momwe munthu wina adalimasulira ndisanalione. Botolo la 40 mg/ml lija lili pawindo la chipinda changa, pambali pake supuni ya phala yomwe mayi uja adandipatsa nditamugulira ina. Mukatuma munthu, afunse kwa aphunzitsi opuma pafupi ndi doko, abwere m'chilimwe msewu usanaterere, ndipo ndidzamupatsa zonse.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Kachulu, Zomba.